Chitsulo chotentha m'madzi ozizira: bwanji nambala yanga siikufika pa ya m'buku?

*Aphunzitsi, ndithandizeni pa fizikisi. Ku labu tinawiritsa chibawuti chachitsulo cha magalamu 200, n'kuchiika m'madzi a magalamu 300 omwe anali pa madigiri 22, m'kachitini ka kopa. Themometa inakwera n'kukaima pa 26. Ine ndinati chibawuticho chinali pa 100 poti madzi ankawira, ndiye c ndinapeza 341, chonsecho buku likuti 450. Ndabwereza katatu, ikubwera yomweyo. Palinso funso lina: kopa wa 0.5 kg, c yake 400, ali pa madigiri 120, aikidwa m'madzi a 0.4 kg a pa madigiri 20, pezani tempelecha yomaliza. Ine ndikupeza 6.5. Kodi ndi mutu wanga umene sukuyenda?*
*Mtsikana wa Fomu 4, ku Dedza boma*

Mutu wako uli bwinobwino, mwanawe. Pa funso la kopa walakwitsadi, koma ndi pamalo amodzi okha, ndipo ukapaona sudzapunthwaponso. Pa chibawuti masamu ako alibe banga. Inenso ndawerengera ndi nambala zakozo ndapeza 341 yomweyo, kutanthauza kuti vuto linachitikira patebulo la ku labu, osati m'kope mwako. Ndiyamba ndi la kopa chifukwa ndilo lidzatitsegulira linalo.

Choyamba tikonze lilime. Ife m'Chichewa tili ndi mawu amodzi, kutentha, pa zinthu ziwiri zomwe fizikisi imazilekanitsa. Tenga supuni ya madzi obwadamuka ndi ndowa yodzaza madzi ofunda osamba. Ukaviika themometa, supuni ndiyo ipambana. Koma funsa yemwe anasonkha moto kuti nkhuni zambiri zinathera pati, akuuza kuti pa ndowa. Chomwe themometa imawerenga ndi tempelecha, m'madigiri. Chomwe nkhuni zinapereka ndi mphamvu ya kutentha, ndipo imeneyo timaiyeza m'majulu. Ngakhale akatswiri akale ankasokoneza ziwirizi mpaka Joseph Black wa ku Scotland anazilekanitsa cha m'ma 1760, choncho usadzione wopepera. Muno ndikati majulu ndikunena mphamvuyo, ndikati madigiri ndikunena tempelecha.

Nanga c, ija amati sipesifiki hiti kapasite, n'chiyani? Ine ndimauza ana anga m'kalasi kuti ndi mtengo wa digiri imodzi. Majulu ndiwo ndalama. Kuti kilogalamu imodzi ya madzi ikwere ndi digiri imodzi, uyenera kulipira majulu 4200. Kilogalamu ya kopa imangofuna pafupifupi 400, ya chitsulo wamba pafupifupi 450, ya aluminiyamu pafupifupi 900, ya mtovu 130 basi. Madzi ndi okwera mtengo, zitsulo n'zotchipa. Ndipo mtengo wake ndi womwewo pobwerera: kilogalamu ya kopa ikatsika ndi digiri imodzi imabweza majulu 400 omwe aja. Fomula yonse `Q = mcΔT` ikungonena zimenezi: kulemera, kuchulukitsa ndi mtengo wa digiri, kuchulukitsa ndi madigiri omwe asintha.

Tsono ukaika kopa wotentha m'madzi ozizira, kopa amayamba kugulitsa madigiri ake motchipa, madzi n'kumagula awo modula ndi ndalama zomwezo. Malondawo amatha pamene onse awiri afika pa tempelecha imodzi. M'funso la papepala timati palibe julu yomwe yasochera panjira, ndiye zomwe kopa wataya ndi zomwe madzi alandira.

Usanagwire cholembera, peza kaye mtengo wa digiri wa chinthu chilichonse chathunthu, kutanthauza m kuchulukitsa ndi c. Kopa wako ndi 0.5 × 400, zomwe ndi majulu 200 pa digiri. Madzi ndi 0.4 × 4200, zomwe ndi majulu 1680 pa digiri. Taziyang'ana nambala ziwirizo. Kopa ayenera kutsika ndi madigiri oposa 8 kuti alipirire digiri imodzi yokha ya madzi. Pamenepo wadziwa kale kuti yankho lidzakhala kufupi ndi 20, kutali ndi 120. Amene amangophatikiza 120 ndi 20 n'kugawa pawiri kuti apeze 70 amakhala ngati akuti mbuzi ndi nkhuku n'zamtengo umodzi poti zonse ndi ziweto.

Tempelecha yomaliza tiitche T. Kopa akuchoka pa 120 kutsikira pa T, ndiye watsika ndi 120 − T. Madzi akuchoka pa 20 kukwera pa T, ndiye akwera ndi T − 20.

```
200(120 − T) = 1680(T − 20)
24000 − 200T = 1680T − 33600
57600 = 1880T
T = 30.6
```

6.5 yako ndayesa kuilondola, ndipo ndaipeza pomwe inabadwira. Unalemba `200(T − 120) = 1680(T − 20)`, kutsatira lamulo lija loti ΔT ndi yomaliza kuchotsera yoyamba. Ukamasula mabulaketi pamenepo umapeza 9600 = 1480T, ndipo T imatuluka 6.5. Lamulolo si labodza, koma unalisakaniza ndi njira ina. Pali njira ziwiri zolembera samuyi. Yoyamba imati zotayika zilingane ndi zolandiridwa, ndipo mbali zonse ziwiri ziyenera kukhala nambala zopanda mainasi, choncho nthawi zonse umachotsera yaing'ono pa yaikulu. Yachiwiri imati yomaliza kuchotsera yoyamba pa chinthu chilichonse, kenako n'kuphatikiza zonse kuti zikwane ziro: `200(T − 120) + 1680(T − 20) = 0`. Zonse ziwiri zimapereka 30.6. Iwe unatenga mabulaketi a njira yachiwiri n'kuwaika m'nyumba ya njira yoyamba. Sankhapo imodzi ukhale nayo mpaka mayeso a MSCE adutse. Ine ndimakonda yoyamba, chifukwa munthu amaona ndi maso kuti chotentha chikutsika, chozizira chikukwera.

Chomwe ndikanakonda n'chakuti 6.5 uja ukanamukana wekha asanafike kwa ine. Kodi unaonapo madzi akuzizira chifukwa waponyamo chinthu chamoto? T singatuluke kunja kwa mpanda wa tempelecha ziwiri zoyambira. Ikatsika pansi pa yozizira kapena kupyola yotentha, pali mainasi yomwe yasochera. Ikakhala mkati mwa mpanda koma n'kukakamira kufupi ndi chitsulo, kawirikawiri ndiye kuti wasakaniza magalamu ndi makilogalamu. Ukanalemba kopa ngati 500 uku madzi uli kuwasiya pa 0.4, ukanapeza 119, ngati kuti kakopa kaja kakokera madzi onse kwawo. Za kelivini usade nazo nkhawa. Popeza tikuchotsera tempelecha ina pa inzake, 273 uja amadyana yekha, ndipo kusiyana kwa madigiri 10 ndi kusiyana kwa makelivini 10.

Pali kanjira kotsimikizira yankho komwe sikatenga ndi mphindi yomwe. Pakati pa 20 ndi 120 pali mtunda wa madigiri 100, ndipo awiriwa akuyenda kukakumana. Madzi, poti ndi ovuta kusuntha, adzayenda gawo laling'ono: 200 kugawa ndi 1880, kuchulukitsa ndi 100, zomwe ndi madigiri 10.6. Ukaonjezera pa 20 wafika pa 30.6 pomwe paja. Kopa ndiye wayenda ulendo wonse wotsalawo, madigiri 89.4.

Tsopano ku chibawuti, komwe kuli nkhani yeniyeni.

Pa ntchito imene munachita ija, madzi ndiwo anali sikelo yanu. Majulu omwe ali m'chitsulo sungawaone, koma mtengo wa madzi ukuudziwa, ndiye umalola chitsulo kukhuthulira majulu ake m'madzi n'kuwerenga madigiri omwe madziwo akwanitsa kugula. Iwe unachita chonchi: madzi a 0.3 kg pa 4200 ndi majulu 1260 pa digiri, anakwera madigiri 4, ndiye analandira majulu 5040. Chibawuti cha 0.2 kg unati chatsika kuchoka pa 100 kufika pa 26, madigiri 74. Ukagawa 5040 ndi 0.2 × 74 upeza 341. Palibe cholakwika m'kawerengedweko. Koma muli zinthu zinayi zomwe unazikhulupirira popanda kuziyeza, ndipo tiziona chimodzichimodzi kuti chilichonse chinakudyera zingati.

Kachitini ka kopa kaja nako kanafunda. Kanayamba pa 22 n'kumaliza pa 26 limodzi ndi madzi, ndipo amene anakalipirira ndi chibawuti chomwecho. Kachitiniko ndi kamene mabuku amati kalorimita. Sunandiuze kulemera kwake, ndiye tiyerekeze kuti ndi magalamu 100, ndipo c ya kopa weniweni tiike pa 390. Mtengo wake ndi majulu 39 pa digiri. Mbali yozizira yonse tsopano ndi 1260 kuphatikiza 39, zomwe ndi 1299, ndipo madigiri 4 aja adya majulu 5196. Ukagawa ndi 0.2 × 74 yemwe uja, c yakwera kufika pa 351. Tangopeza 10 yekha. Aphunzitsi ambiri amathamangira kunena kuti vuto ndi kalorimita, koma waona wekha kuti pano gawo lake ndi lochepa. M'mayeso, komabe, funso likakupatsa kulemera kwa kalorimita ndiye kuti likufuna uiwerengere, ndipo malo ake ndi kumbali ya madzi, ndi T kuchotsera tempelecha yoyamba ya madzi omwewo.

Chachiwiri ndi 100 uja. Madzi amawira pa madigiri 100 pamalo ofanana kutsika ndi nyanja ya mchere. Ukamakwera kumtunda mpweya umapanikiza pang'ono, madzi n'kumawira msanga, ndipo mwachidule amataya digiri imodzi pa mamita 300 alionse. Dedza boma ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, kotero madzi kwanuko amawira cha pa madigiri 95. Ku Lilongwe ndi ku Blantyre, komwe ndi mamita opitirira pang'ono 1,000, amawira pakati pa 96 ndi 97. Mnzako wa ku Nsanje ndiye angalembe 100 n'kukhala pafupi ndi zoona. Chibawuti sichingatenthe kuposa madzi omwe chikuwiriramo, ndiye chako chinayamba pa 95, n'kutsika madigiri 69, osati 74. Tsopano 5196 kugawa ndi 0.2 × 69 akupereka 377. Themometa munali nayo pomwepo, kunali kungoiviika mumphika wowirawo. Ndimadabwa kuti kagwiridwe kophweka chotere timakaiwala chaka ndi chaka, ife aphunzitsi tomwe.

Chachitatu n'chimene ndikuchikayikira kwambiri, ndipo n'chooneka chaching'ono zedi: kuwerenga themometa. Zambiri za m'masukulu zili ndi timizere ta digiri imodziimodzi. Ulusi wa mkati uja ukaima pakati pa 26 ndi 27, maso a munthu amasankha kamzere kapafupi, makamaka pamene anzako asanu akukankhana kuti aone nawo. Theka la digiri ungati n'chiyani? Pa madigiri 69 a chitsulo si kanthu. Koma madzi anakwera madigiri 4 okha, ndiye theka la digiri ndi gawo limodzi mwa magawo 8 a zonse zomwe munayeza. Tiyese kuti zoona zinali 26.5. Majulu akhala 1299 × 4.5, zomwe ndi 5846, chitsulo chatsika madigiri 68.5, ndipo c yalumpha kufika pa 427. Theka la digiri lasuntha yankho ndi 50, kuposa kalorimita ndi phiri la Dedza kuziphatikiza pamodzi. Sindikuti ndithu inali 26.5. Ikanathanso kukhala 25.5 ndipo zinthu zikanaipiraipira. Chomwe ndikunena n'chakuti ndi zipangizo zimenezo, yankho lako linali ndi ufulu woyendayenda ndi 40 kapena 50 mbali iliyonse popanda wina kulakwa.

Palinso nkhani ya nthawi yowerengera. Chibawuti chikalowa m'madzi sichikhuthula majulu onse nthawi imodzi. Madzi oyandikana nacho amafunda n'kukwera pamwamba, apansi n'kutsala ozizira. Ukapanda kutakasa, themometa imakuuza za kamalo komwe yaima basi. Ukaikhudzitsa chitsulo imathamanga kukwera n'kukunamiza. Choyenera ndi kutakasa pang'onopang'ono, maso ali pa themometa, n'kulemba nambala yapamwamba yomwe yafika isanayambe kutsika. Ukawerenga mofulumira chitsulo chimakhala chisanamalize kulipira, ukachedwa kachitini kamakhala katayamba kutayira majulu kumpweya. Zonsezo zimatsitsa c.

Chachinayi ndi ulendo wochoka mumphika kupita m'kachitini. Kumbukira mmene chibawuti chinkaonekera mutachivuula: chikufuka nthunzi, ndipo pomafika uko mbali zina zitauma kale. Madzi aja sanaume ulere. Kusandutsa galamu imodzi ya madzi kukhala nthunzi kumadya majulu pafupifupi 2260, ndipo chibawuti ndicho chimalipira. Mtengo wa digiri wa chibawuti chako, ngati c ndi 450, ndi majulu 90 okha. Timadontho tinayi, tolemera 0.2 g, tikauma pa chitsulocho tatenga majulu 452, ndiye kuti madigiri 5 apita. Chibawuti chinanyamuka pa 95 n'kufika chili pa 90. Ika 90 m'samu ija, ndi 26.5 yemwe uja: 5846 kugawa ndi 0.2 × 63.5 ndi 460. Tachoka pa 341 kufika pa 460 osakhudza fomula ngakhale pang'ono.

Usatenge 460 ameneyu kukalemba mu lipoti lako. 90 ndi 26.5 ndi zongoyerekeza zanga pofuna kukuonetsa kukula kwa bowo lililonse. Kusintha nambala zoyeza kuti zigwirizane ndi buku ndi chinyengo, ndipo wochonga wozindikira amazinunkhiza akaona 450 wosalala atatuluka pa themometa ya timizere ta digiri imodzi. Lemba 341 wako, kapena 377 utakonza za kalorimita ndi za kuwira kwa madzi zomwe ungaziyeze ndithu, kenako fotokoza chifukwa chake watsika. Akakufunsa magwero a zolakwika, usangoti kutentha kunatayika. Nena kuti kunatayikira pati, ndipo kunakankhira c mbali iti.

Mbali imeneyi ndiyofunika kuimvetsa. Pafupifupi zonse zomwe tatchulazi zimakokera c pansi, chifukwa zina zimachepetsa majulu omwe wawerenga m'madzi, zina zimakulitsa madigiri omwe ukuganiza kuti chitsulo chatsika. Ndiye chifukwa chake m'kalasi ya magulu khumi, ambiri amapeza nambala yochepera ya m'buku. Gulu likapeza yopitirira, monga 520, ine ndimadziwa kale chomwe chachitika: anathamangira kusamutsa chitsulo chikuchucha. Mazinga a chibawuti amasunga madzi. Magalamu 2 okha a madzi a pa 95 akalowa nawo, amakhuthula 0.002 × 4200 × 69, zomwe ndi majulu 580, ndipo samu yako imaapereka onsewo m'dzina la chitsulo. Pa majulu 5000 n'kanthu, chimenecho ndi gawo loposa limodzi mwa magawo khumi. Ndiye uli pakati pa minga iwiri: ukachedwa chitsulo chizizira, ukathamanga chibwera ndi madzi. Chomwe chimathandiza ndi kuchikutumula kamodzi mwamphamvu kuti madontho agwe, n'kuchilowetsa pompo. Kachitini kakhale pafupi moti dzanja lifika, koma pakati pake ndi moto paikidwe katoni kuti kasawothe nawo.

Mukadzabwereza, chinthu chimodzi chomwe chingasinthe kwambiri zotsatira ndi kuchepetsa madzi. Magalamu 300 anachuluka pa chibawuti cha magalamu 200. Anali ngati kuthira supuni imodzi ya shuga mumphika wa phala la banja lonse n'kumafunsa ngati latsekemera. Mukathira magalamu 100 okha, bola chitsulo chimire chonse, mbali yozizira ikhala 420 kuphatikiza 39, zomwe ndi 459 pa digiri. Chibawuti cha pa 95 chidzakweza madziwo kuchoka pa 22 kufika cha pa 34. Madigiri 12 m'malo mwa 4, ndipo theka la digiri lija latsika mphamvu katatu. Chibawuti chikakana kumira m'madzi ochepa chotere, gwiritsani ntchito manati angapo omangidwa pa ulusi umodzi, kapena kachitini kopapatiza. Pali malire ake: madzi akafunda kwambiri kuposa mpweya wa m'chipinda, amayambanso kutaya majulu msanga. Akale anapeza kanzeru pamenepa. Umayamba ndi madzi ozizira kuposa chipinda ndi madigiri angapo, kuti akamalize ali ofunda kuposa chipinda ndi madigiri ofanana nawo. Zomwe alanda kumpweya poyamba zimabwezedwa ndi zomwe ataya pomaliza.

Zina n'zodziwika kale. Kachitini kakulungidwe ndi thonje kapena nsanza youma ndipo kavindikiridwe. Ngati kalorimita palibe, makapu awiri opepuka oyera aja ogulitsiramo tiyi, imodzi mkati mwa inzake, amagwira ntchito bwino kuposa tambula yagalasi, chifukwa sadya majulu ambiri. Chitsulo chikhale m'madzi owira mphindi zisanu kapena khumi kuti chitenthe mpaka mkati, chili lende pa ulusi, chisagone pansi pa mphika pomwe pamatentha kuposa madziwo. Ndipo chilowetsedwe mwaulemu. Pa sukulu ina yomwe ndinaphunzitsako, mnyamata wina anangochimasula chitsulo kuchokera m'mwamba, chinaboola bika yagalasi n'kuthyola themometa, ndipo inali imodzi mwa zitatu zomwe tinali nazo. Ngakhale chisaswe kanthu, madzi othovokera kunja achoka pa kulemera komwe walemba kale.

Za 450 wa m'buku nayenso usamuope kwambiri. Ameneyo ndi wa ayironi. Mabawuti amapangidwa ndi chitsulo chosakaniza, ndipo c yake imasiyanasiyana, kawirikawiri pakati pa 450 ndi 500. Njira imeneyi ingakuuze mosavuta kuti ichi ndi aluminiyamu osati chitsulo, poti 900 ndi 450 n'zotalikirana. Koma singalekanitse kopa ndi burasi, zomwe c zake zonse zili pakati pa 380 ndi 390. Kusiyana kwawo n'kochepa kuposa kulakwa kwa themometa yako.

Pomaliza ndikuchenjeze za malo amodzi pomwe fomulayi imanama ngakhale utalemba zonse molondola. Ukaima pa wosula makasu uona akuchotsa chitsulo chofiira pamoto n'kuchiviika m'madzi, chili tswee, nthunzi kuti tolo. Tiyerekeze kuti ndi kilogalamu imodzi ya chitsulo pa madigiri 800, madzi ndi theka la kilogalamu pa 25. Mitengo ya digiri ndi 450 ndi 2100. Ukatsata njira yathu ija upeza T ya madigiri pafupifupi 162. Ili mkati mwa mpanda, mainasi palibe yomwe yasochera, koma madzi a m'chidebe chosavindikira sangafike pamenepo. Akafika powira amaima, ndipo majulu otsala amapita kokapanga nthunzi. Zikatero umaika T pa 100, monga funso la papepala lingafunire, n'kuwerengera chotsala. Chitsulo chitsika madigiri 700 n'kupereka majulu 315,000. Madzi akwera madigiri 75 n'kudya 157,500. Otsalawo, 157,500 enanso, ukawagawa ndi 2260 pa galamu upeza kuti madzi pafupifupi magalamu 70 auluka. Nambalayi ndi yongoyandikira, chifukwa c ya chitsulo imakwera chikatentha kwambiri, ndiponso madzi okhudza chitsulo chofiira amayamba kuwira ena onse asanafunde n'komwe. Funso likakupatsa T yoposa 100 pali madzi, bwerera kaye ukaone ngati sunasakanize magalamu ndi makilogalamu. Ngati zonse zili bwino, ndiye kuti wofunsayo akufuna nthunzi.

Lolemba ukapemphe aphunzitsi ako kuti muyeze zinthu ziwiri zomwe zinatsala: kulemera kwa kachitini kaja kali kouma, ndi tempelecha ya madzi akubwadamuka pamoto pa sukulu panupo. Kenako mubwereze ndi madzi a magalamu 100, kawiri kapena katatu, ndipo nthawi iliyonse muyambe ndi madzi atsopano.